Kaundula wa ntchito: chokolola mitengo ya katundu, ndi mayankho a 429 ndi 403

Lolemba, 12 Meyi 2025

Pulogalamu yathu, yomwe pano tingoti chokolola, imayendera mawebusaiti atatu a masitolo usiku uliwonse n'kulemba mitengo ya ufa, shuga, mafuta ophikira, sopo ndi katundu wina. M'mawa anzathu ogulitsa ku Mbare ndi ku Highfield, mumzinda wa Harare, amaona pafoni komwe angakaode motchipa. Chokololacho chili pa kakompyuta ka Raspberry Pi 4 m'nyumba ina ku Mufakose, chinalembedwa mu Python, ndipo chimadzuka 2 koloko usiku chifukwa nthawi imeneyo magetsi amakhala alipo komanso masitolo alibe ogula ambiri.

Lero tawonjezera sitolo yachiwiri yonse. Poyamba tinkangotenga masamba 400 a zakudya. Tsopano ndi masamba 6,000. Kuti zithe msanga tawonjezera antchito, kutanthauza tinthambi ta pulogalamu tomwe timapempha masamba nthawi imodzi, kuchoka pa mmodzi kufika pa anayi. Aliyense akalandira tsamba amapuma sekondi imodzi.

Lachiwiri, 13 Meyi

Zaipa. Tebulo la m'mawa likuonetsa mitengo 600 yatsopano, ndipo katundu 5,400 walembedwa kuti sakugulitsidwanso. Shuga yemwe ali m'gulu lomwelo. Tabweza tebulo la dzulo anthu asanapite kukaoda, kenako takhala pansi ndi kaundula wa pulogalamu. Zomwe zachitika ndi zolakwika zitatu zogundana, ndipo zonse ndi zathu.

Choyamba ndi liwiro. Sekondi imodzi ija inali ya wantchito aliyense payekha, osati ya gulu lonse. Seva imayankha m'theka la sekondi, ndiye wantchito mmodzi amapempha kamodzi pa sekondi imodzi ndi theka, komwe ndi ka 40 pa mphindi. Anayi ndi ka 160 pa mphindi. Pofika 02:03:45 tinali titapempha ka 600, ndipo pempho la 601 linabwera ndi izi:

```
HTTP/1.1 429 Too Many Requests
Date: Tue, 13 May 2025 00:03:45 GMT
Retry-After: Tue, 13 May 2025 00:10:00 GMT
```

Seva sinabise kanthu. Nambala ya 429, yomwe inakhazikitsidwa mu RFC 6585 m'chaka cha 2012, imatanthauza kuti mwapempha kambirimbiri m'kanthawi kochepa. Mzere wa `Retry-After` umanena nthawi yobwereranso, ndipo umabwera m'njira ziwiri: nambala ya masekondi, kapena tsiku ndi ola. Apa unabwera ngati tsiku ndi ola. Mayankho onse a 429 a usikuwo ankaloza nthawi imodzimodzi, 00:10:00, ndiye taona kuti sitoloyi imawerenga mapempho m'zigawo za mphindi 10: mukakwanitsa 600 mudikire chigawo chithe. Tinangofunika kukhala phee masekondi 375.

Chachiwiri ndi ola. Nthawi ya m'mizere imeneyi nthawi zonse ndi ya GMT, pomwe Harare ali patsogolo ndi maola awiri chaka chonse. Khodi yathu inawerenga 00:10:00 n'kutaya mawu a GMT, kenako n'kuchotserapo `datetime.now()` yomwe inali 02:03:45 ya kuno. Zotsatira zake zinali masekondi 6,825 kunsi kwa ziro. Panali kamzere ka `max(0, ...)` komwe tinkati n'kotiteteza, ndipo n'komwe kanasandutsa nambala yachilendoyo kukhala ziro popanda kudandaula. Pulogalamu inamva kuti nthawi yodikira inadutsa kale. Cholakwika chotere munthu amene kompyuta yake ili pa nthawi ya GMT sangachione n'komwe. Chimangoonekera kwa ife amene wotchi yathu ndi ya kuno.

Ndiye antchito anayi aja anayamba kugogoda mosalekeza. Yankho la 429 limabwera msanga kuposa tsamba lenileni, pafupifupi m'gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, popeza seva sivutika kukonza tsamba. Komanso njira yobwereza inkadumpha kupuma kuja. Choncho titauzidwa kuti tichepetse, tinakwera kuchoka pa 160 kufika cha m'ma 1,200 pa mphindi. Patatha mphindi zisanu, pa 02:08:45, mayankho anasintha kukhala `403 Forbidden` patsamba lililonse.

Chachitatu ndiye chinawononga tebulo. Khodi inkaika 403 m'thumba limodzi ndi 404, n'kumati tsambali kulibe, lichotse pamzere. M'mphindi 27 inameza masamba 5,400 otsala, lililonse n'kulilemba kuti katundu wake anatha, ndipo cha m'ma 02:36 inalemba kuti ntchito yatha bwino. Nyengo yonseyo tinkapitiriza kugogoda pakhomo lomwe anali atatitsekera.

Sitolo yachiwiri taizimitsa m'chokolola mpaka titakonza.

Lachitatu, 14 Meyi

Dzulo tinasankha tsamba limodzi lomwe timadziwa kuti limatseguka masiku onse, la shuga wa makilogalamu awiri, n'kumalipempha kamodzi pa maola asanu ndi limodzi. Pa 08:40, 14:40 ndi 20:40 linali 403. Pa 02:40 lero labwera 200. Chiletso chinali cha pafupifupi tsiku limodzi, ndipo chinatha chokha.

Panali ganizo loti tingozimitsa rauta n'kuyatsanso kuti tipeze adiresi ina, kapena tisinthe `User-Agent` kuti tizioneka ngati burawuza ya munthu. Takana. Malire a 600 ndi a eni sitolo, ndipo ife ndi amene tinawaphwanya. Kubwera ndi nkhope ina kumangopangitsa kuti ulendo wotsatira atseke gulu lonse la maadiresi, kuphatikizapo a anthu oyandikana nafe omwe amangofuna kugula. M'malo mwake `User-Agent` yathu tsopano ili ndi dzina la pulogalamu ndi adiresi ya imelo, ndipo talembera sitoloyo kalata yaifupi yonena zomwe timatenga, nthawi yake, ndi liwiro lomwe tizitsatira.

Kuwerenga `Retry-After` takulembanso motere:

```python
from email.utils import parsedate_to_datetime as tsiku

def dikira(r):
    v = r.headers.get("Retry-After", "").strip()
    if v.isdigit():
        return int(v)
    try:
        return (tsiku(v) - tsiku(r.headers["Date"])).total_seconds()
    except (KeyError, TypeError, ValueError):
        return None
```

Chofunika apa n'chakuti sitikugwiritsanso wotchi yathu pochotsera. Tikuchotsera mzere wa `Date` womwe seva yomweyo yatumiza m'yankho lomwelo. Mawotchi onse awiri ndi a seva, ndiye ngakhale wathu atasokonekera, kusiyana kwake kumakhalabe 375. Ikatuluka `None`, ziro, kapena nambala yakunsi kwa ziro, sitikutenganso ngati chilolezo chopita. Tikutenga ngati seva sinanene kanthu, n'kudikira mwa ife tokha.

Kudikira kwa ife tokha kuli chonchi: masekondi 60 pa 429 woyamba, kenako 120, 240, 480, 960, ndipo paliponse tikuwonjezerapo kanthawi kongotola mwamwayi kosaposa kota ya nthawiyo. Wachisanu ndi chimodzi akabwera motsatana, sitoloyo yatha usiku umenewo. Munthu ukadikira kuposa theka la ola n'kukanidwabe, vuto si liwiro lako lokha ayi.

Lachisanu, 16 Meyi

Masiku awiriwa apita pa funso limodzi: kodi amene akudikira ndani?

Njira yachidule inali kugwiritsa `Retry` wa laibulale ya `urllib3`, yemwe amawerenga `Retry-After` molondola m'njira zonse ziwiri. Tinayesa pa seva yoyeserera ya m'nyumba momwemo ndipo tinaona chifukwa chake sakutikwanira. Iye amagoneka wantchito amene walandira 429 yekhayo, mkati mwa pempho lomwelo. Enawo sadziwa kanthu. Aliyense amapitabe mpaka atapsa yekha. Nthawi ikakwana onse amadzuka limodzi n'kukhamukira pakhomo. Komanso 429 uja safika ku khodi yathu ngati kubwereza kwatheka, ndiye kaundula amaoneka woyera pomwe tikukanidwa usiku uliwonse. Kwa pulogalamu yopempha kakhumi n'kutseka, zimenezo n'zokwanira. Kwa yoyenda maola atatu usiku uliwonse, ayi. Amene amagwiritsa Scrapy adziwe kuti 429 ali kale pamndandanda wa `RETRY_HTTP_CODES` popanda kumuwonjezera, koma kubwereza kwake kumangobweza pempho pamzere kawiri. Pakokha sikuima kuti nthawi ya `Retry-After` ikwane.

Seva siwerenga antchito athu payekhapayekha. Imaona adiresi imodzi ikupempha. Choncho 429 si nkhani ya tsamba lomwe lakanidwalo, kapena ya wantchito amene analipempha. Ndi uthenga wa kwa tonse wochokera kwa seva yonse. Kudikira kuyenera kukhala pamalo amodzi pomwe aliyense amadutsa. Tapanga chipata, mzere umodzi wa seva iliyonse mu SQLite:

```sql
CREATE TABLE chipata (
  seva TEXT PRIMARY KEY,
  osapita_mpaka REAL,
  mpata REAL,
  zotsatana INTEGER,
  chotseka INTEGER
);
```

Wantchito asanatumize pempho lililonse ayenera kutenga malo pachipata:

```sql
UPDATE chipata SET osapita_mpaka = :pano + mpata
WHERE seva = :seva AND chotseka = 0 AND osapita_mpaka <= :pano;
```

Ngati mzere umodzi wasintha, malo ndi ake, apite. Ngati palibe chasintha, atenge tsamba la sitolo ina kapena apume pang'ono n'kuyesanso. Popeza kuona ndi kulemba zikuchitika m'lamulo limodzi, antchito awiri sangatenge malo amodzi. Kale tikanati tiwerenge kaye kenako tilembe, awiri akanatha kuona chipata chotseguka nthawi imodzi.

Chipata chomwechi chikugwira ntchito ziwiri. Tsiku labwino chimagawa mapempho motalikirana ndi `mpata`. Pakabwera 429, wolandirayo amakankhira `osapita_mpaka` kutsogolo, ndipo onse amaima. Polemba timasunga nthawi yakutali pakati pa yomwe ilipo ndi yatsopano, kuti yankho lobwera mochedwa lisafupikitse chilango chomwe chalembedwa kale. Tsamba lokanidwalo limabwerera pamzere osalipatsa mlandu uliwonse, silinalakwe.

Mpata wa sitolo yachiwiri tauika pa masekondi awiri. Malire awo ndi pempho limodzi pa sekondi, ife tatenga theka, 300 pa mphindi 10, kuti munthu wa m'nyumbamo akatsegula sitolo yomweyo pafoni yake asatigwetse tonse. Masamba 6,000 pa liwiro limeneli ndi masekondi 12,000, maola atatu ndi mphindi 20. Tikayamba 2 koloko timaliza 05:20, nthawi yomwe magetsi amakhala atapita kale masiku ambiri. Tasuntha kuyamba kukhala 1 koloko.

Antchito anayi aja atsala, koma phindu lawo tsopano ndi loti masitolo atatu aziyenda limodzi, osati kuti sitolo imodzi ithe msanga.

Lolemba, 19 Meyi

Usiku utatu popanda 429. Masamba onse 6,000 akufika.

Tawonjezera lamulo la mpata wosintha. 429 akabwera, kuwonjezera pa kudikira, mpata umachulukitsidwa kawiri, mpaka malire a masekondi 30. Masamba 200 akabwera bwino motsatana, umatsika ndi kota ya sekondi, koma osapitirira kunsi kwa masekondi awiri. Kukwera n'kwamsanga, kutsika n'kwapang'onopang'ono, mwadala. Tawerengera mtengo wake: kuchoka pa 4 kubwerera pa 2 pamafunika masitepe asanu ndi atatu, masamba 1,600, ndipo amatenga masekondi 5,000 m'malo mwa 3,200. Ndiye 429 mmodzi amatidyera theka la ola. Tavomera. Chiletso cha sabata yatha chinatidyera tsiku lathunthu.

Lachitatu, 21 Meyi

Sitolo yachitatu inachedwa kuyankha usiku wathawu, masekondi asanu ndi awiri patsamba, ndipo yatiululira chilema m'khodi yatsopano. Yankho likamachedwa chonchi, mapempho atatu kapena anayi amakhala ali m'njira nthawi imodzi ngakhale chipata chikuwatulutsa motalikirana. Seva itayamba kukana, onse atatu omwe anali m'njira anabwera ndi 429. Khodi inawawerenga ngati milandu itatu: `zotsatana` inalumpha kufika pa 3, kudikira kunakhala masekondi 240 m'malo mwa 60, ndipo mpata unachoka pa 2 kufika pa 16.

Chizindikiro chake m'kaundula n'chosavuta kuona: mayankho a 429 angapo otalikirana ndi masekondi owerengeka, pomwe pakati pawo panayenera kukhala mphindi yathunthu. Takonza polemba nthawi yomwe pempho linanyamuka. Ngati linanyamuka chilango chomaliza chisanalembedwe, 429 wake ndi wa mlandu womwewo. Tsamba libwerere pamzere koma osawerenganso. Chimodzimodzi yankho la 200 lomwe linanyamuka kale silifafaniza `zotsatana`.

Sitolo yomweyi ilibe `Retry-After`, ndipo nthawi zina m'malo mwa 429 imatumiza 503. Si zachilendo: seva za nginx zikamachepetsa liwiro ndi `limit_req` zimayankha 503 pokhapokha mwini wake atasintha `limit_req_status`. Kwa ife 503 tsopano akudutsa njira yomweyo ya 429. Kaya seva yatopa kaya yatikana, chochita n'chimodzi.

Lachisanu, 23 Meyi

Tsopano 403, yemwe ndi wovuta kuposa mnzake chifukwa sanena kuti mubwere liti, ndiponso sanena chomwe mwalakwa. Malinga ndi RFC 9110 ya 2022, amangotanthauza kuti seva yamva pempho lanu koma yakana kulichita. Chifukwa chake chingakhale chilichonse. M'masabata awiriwa taona mitundu inayi m'kaundula wathu.

Wina ndi wa tsamba limodzi: katundu amene sitolo yamubisa, masamba ena onse akutseguka. Wina ndi wa zithunzi za katundu zomwe zimasungidwa ku Amazon S3. Kumeneko chithunzi chikakhala kuti kulibe, munthu wopanda chilolezo choona mndandanda wa zinthu amalandira 403 osati 404, ndiye 403 ameneyu alibe vuto ndi ife. Wachitatu ndi wa mitengo yooda ya sitolo yoyamba, yomwe timaiona titalowa ndi akaunti yomwe anatilola: kuki ikatha mphamvu, masamba a chigawo chimenecho amakana onse pomwe ena akutseguka. Wachinayi ndi uja wa pa 13, khomo lonse lotsekedwa. Palinso mtundu wina womwe sitinakumane nawo pano koma ndi wodziwika: GitHub, mukapyola malire a mapempho, imatha kuyankha 403 kapena 429, pamodzi ndi `x-ratelimit-remaining: 0`. Choncho 403 wobwera ndi `Retry-After` kapena mzere ngati umenewo timamutenga ngati 429.

Nambala yokha singasiyanitse zonsezi. Chomwe chimasiyanitsa ndi tsamba lachiwiri. Sitolo iliyonse tsopano ili ndi tsamba loyesera, ngati la shuga lija. 403 akabwera, chipata chimaima mphindi zisanu, kenako wantchito mmodzi amapempha tsamba loyesera, kamodzi kokha.

Likabwera 200, ndiye kuti vuto ndi la tsamba lijalo. Timalilemba kuti ndi loletsedwa, mtengo wake wakale timausiya ndi tsiku lomwe tinauona komaliza, ndipo tidzaliyesanso pakatha masiku asanu ndi awiri. Sitilemba kuti katundu watha. Mawu amenewo tsopano amalembedwa pokhapokha pabwere 404 kapena 410 usiku uwiri wotsatana, kapena tsamba lenilenilo linene kuti katundu palibe.

Likabwera 403, `chotseka` imakhala 1, mzere wa masamba umasiyidwa momwe uliri, ndipo uthenga umapita kwa amene ali pazamu sabata imeneyo. Pulogalamu siitsegula yokha. Chomwe imaloledwa ndi kupempha tsamba loyesera kamodzi pa maola asanu ndi limodzi n'kulemba zomwe yapeza. Ngakhale litabwera 200, amatsegula ndi munthu, atawerenga kaye zomwe zinachitika chiletso chisanabwere. Tasankha chonchi chifukwa 429 amanena yekha kuti n'zakanthawi, koma 403 wa khomo lonse akhoza kukhala chilango cha makina chomwe chitha mawa, kapena chiganizo cha mwini sitolo kuti sakutifuna. Khodi singadziwe kusiyana kwake, ndipo ngati ndi chachiwiricho, yankho lake ndi kalata kapena kusiya.

Pali mpata umodzi womwe tsamba loyesera siliona: chigawo chimodzi chitatsekedwa, shuga n'kumatsegukabe. Apo pulogalamu ikanamaima mphindi zisanu patsamba lililonse, usiku wonse, n'kumalemba limodzilimodzi kuti ndi loletsedwa. Ndiye tawonjezera kuti 403 atatu pa mapempho 20 omaliza amatseka chipata ngakhale tsamba loyesera lili bwino. Za kuki, chokolola chimaloledwa kulowanso mu akaunti kamodzi. Chikakanidwanso chitangolowa, chitseke.

Kuti wa pazamu asayambe kulota, yankho lililonse la 403 timasunga mizere yake yonse ya pamutu ndi makilobaiti awiri oyamba a thupi lake. Zoyang'ana ndi zochepa. Ngati mayankho onse ali ndi kukula kofanana ndendende, ndi tsamba limodzi la chiletso. Ngati mzere wa `Server` wasintha poyerekeza ndi masamba abwino, wakukanani ndi mlonda wa pakhomo, osati sitolo yeniyeniyo. Pa mawebusaiti otetezedwa ndi Cloudflare, mzere wa `cf-mitigated: challenge` umatanthauza kuti akufuna burawuza ya munthu iyankhe mayeso, ndipo kudikira maola angati sikungasinthe zimenezo. Pomaliza atsegule tsamba lomwelo pafoni kawiri, koyamba pa intaneti ya m'nyumbamo, kenako pa bandulo ya foni. Likakana m'nyumba n'kutseguka pa bandulo, chatsekedwa ndi adiresi. Likatseguka konse, chakanidwa ndi chokolola chenichenicho, ndipo apo m'pofunika kuwerenganso `robots.txt` ndi malamulo a sitoloyo.

Lachiwiri, 27 Meyi

Magetsi anazima 03:10, chipata cha sitolo yachitatu chili pa chilango cha masekondi 480, ndipo batire la inveta silinapirire. Anabwera madzulo. Chipata chinakumbukira zonse popeza chili pa disiki; chikanakhala m'mutu mwa pulogalamu, ikanadzuka itaiwala. N'chifukwa chakenso mu `osapita_mpaka` timalemba `time.time()` osati `time.monotonic()`, yemwe amayambiranso kompyuta ikayaka.

Koma wotchi inatipusitsa. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi ya batire. Ikayaka imayamba ndi nthawi yomwe inasunga komaliza, mpaka itafunsa pa intaneti. Chokolola chinadzuka kuti chimalize zotsala wotchi ikunenabe kuti ndi 3 koloko usiku, chinalandira 429 n'kulemba chilango pa nthawi yabodzayo. Patangopita masekondi angapo wotchi inalumpha maola ambiri kutsogolo, ndipo chilango chinaoneka ngati chatha kalekale. Chinatipulumutsa ndi mpata, womwe unali utakwera kale. Tsopano pulogalamu siyamba mpaka lamulo ili litayankha `yes`:

```
timedatectl show -p NTPSynchronized --value
```

Taletsanso zomaliza zotsala masana. Zikatsala, zidikire 1 koloko.

Lachinayi, 29 Meyi

Intaneti ya m'nyumba inafa dzulo, ndiye achimwene omwe amasunga makinawo analumikiza kakompyutako ku rauta ya simu khadi. Pempho lachisanu ndi chiwiri lokha ku sitolo yachiwiri linabwera ndi 429. Mapempho asanu ndi awiri sangakwane 600, ndiye ena 594 anapempha ndi anthu ena. Makampani ambiri a mafoni amaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi, ndipo seva imawerenga onsewo ngati munthu mmodzi. Tinatsimikiza poyang'ana adiresi yakunja patsamba la rauta: inali m'gulu la `100.64.0.0/10`, lomwe linapatulidwira ntchito imeneyi, ndipo sinafanane ndi adiresi yomwe mawebusaiti amationa nayo.

Khodi inachita zoyenera popanda ife: inadikira mpaka chigawo cha mphindi 10 chitatha, mpata unakwera kufika pa 4, kenako 8, ndipo usiku wonse inatenga masamba osakwana 2,000. Sitinasinthe kanthu m'malamulo, popeza kwa seva zilibe kanthu kuti wadzaza malire ndani. Chomwe tasintha ndi dongosolo la mzere. Kale masamba ankatsatana monga mwa zilembo, ndiye usiku wofupika tinkapeza mitengo ya mabisiketi n'kusowa ya ufa. Tsopano masamba 400 a zakudya zomwe anthu amaoda tsiku ndi tsiku ali patsogolo, ndipo otsalawo amayamba ndi lomwe latenga nthawi yaitali osaonedwa. Pa mpata wa masekondi asanu ndi atatu, 400 amenewa amatha m'mphindi 54.

Lolemba, 2 Juni

Sitolo yachiwiri yayankha kalata ija. Alola kuti tizipitiriza usiku, pakati pa 12 koloko ndi 5 koloko m'mawa, osapyola pempho limodzi pa masekondi awiri, ndipo masamba a kusaka tiwasiye. Nthawi imeneyi talemba m'khodi: kunja kwa maola amenewo chipata chawo sichitseguka ngakhale wina atayatsa chokolola ndi dzanja.

Uthenga wa m'mawa wa kwa wa pazamu tsopano uli ndi manambala anayi pa sitolo iliyonse: masamba omwe afika, 429 ndi 503 angati, 403 angati, ndi mpata waukulu womwe unafikidwa. Tebulo la mitengo silisinthidwa ngati katundu wopitirira 5 pa 100 aliwonse wasowa usiku umodzi. Limakhala la dzulo mpaka munthu ataona.

Chotsala chomwe tayamba lero: sitolo yoyamba yatumiza masamba 31 okhala ndi 200 koma opanda mtengo, onse a kukula kofanana, mabaiti 4,812, ndipo mkati mwake muli mawu oti dikirani pang'ono. Uku n'kukana kovala nambala yabwino, ndipo chipata sichinakuone. Tikuyesa lamulo loti tsamba la katundu lopanda mtengo komanso lopanda mawu oti katundu watha lizitengedwa ngati 403, kudzera njira yomweyo ya tsamba loyesera. Masamba 31 amenewa tawasunga kuti tiyesere lamuloli, pamodzi ndi ena 200 abwino a usiku womwewo, tione kuti lisakane olakwika. Mpata wa sitolo yoyamba tauika pa masekondi anayi mpaka Lachisanu.